Kompyuta ikuti 412, pansi pali 371: momwe mungalondolere shoti ya sitoko

Mwawerenga katundu, mwatulutsa lipoti la mu kompyuta, ndipo manambala sakugwirizana. Apa eni holoselo ambiri amathamangira zinthu ziwiri: kusintha nambala ya mu kompyuta kuti ifanane ndi zapansi, kapena kuitana wosunga sitoko ndi kumuuza kuti shotiyo adzamudula pa malipiro. Zonsezi ziyambe zadikira. Shoti yaikulu nthawi zambiri imakhala zolakwika zingapo zounjikana, china cha pa kauntala, china cha polandira katundu, china cha pa geti, ndipo chilichonse chili ndi pepala lake. Ntchito yanu ndi kuigawa shotiyo mpaka chidutswa chilichonse chipeze pepala lake. Chotsala chopanda pepala ndicho shoti yeniyeni.

Titsatira chitsanzo chimodzi. Holoselo ili pa Nchalo, ili ndi nthambi pa Bangula, ndipo katundu wavuta ndi shuga wabulauni wa mapaketi a kilogalamu imodzi, amene amabwera m'mabelo a mapaketi 20. Mwawerenga Lamlungu m'mawa, mwezi ukutha. Kompyuta ikuti mabelo alipo 412, owerenga apeza 371. Shoti ndi mabelo 41. Tiyerekeze kuti belo limodzi munagula pa K50,000: ndiye kuti pa pepala mwataya K2,050,000.

Choyamba, imitsani nthawi

Nambala ya mu kompyuta imasintha lisiti lililonse likatuluka. Ngati munawerenga 6 koloko m'mawa koma lipoti mwatulutsa masana shopu itagulitsa kale, mukuyerekeza zinthu za nthawi ziwiri zosiyana. Tulutsani lipotilo musanayambe kuwerenga, lisindikizeni, lembanipo tsiku ndi ola, ndipo musainepo anthu awiri. Pa pepala lomwelo lembani nambala yomaliza ya buku lililonse: lisiti lomaliza kugulitsa, pepala lomaliza lolandirira katundu limene pa kompyuta limalembedwa GRN, pepala lomaliza losamutsira katundu ku nthambi, ndi pepala lomaliza la pa geti. Manambala amenewa ndiwo malire. Pepala lililonse la nambala ya m'mbuyo mwake liyenera kukhala litalowa kale mu kompyuta, la kutsogolo kwake lisakhudze kuwerengaku.

Kufikira kulondola kutatha, munthu asakhudze `Stock Adjustment`, khomo losinthira nambala ya katundu mu kompyuta. Ngati pulogalamu yanu imalola, tsekani khomo limeneli kwa onse kupatula mwini kapena akauntanti.

Werenganinso, koma asinthe anthu

Musanakayikire kompyuta, kayikirani kuwerenga kwanu. Owerenga achiwiri akhale ena, ndipo musawauze nambala ya mu kompyuta kapena imene anzawo anapeza. Munthu amene akudziwa kuti akufunafuna 412 maso ake amamupezera 412.

Mulu wosanjidwa umawerengedwa potenga mabelo a mzere umodzi wapansi ndi kuchulukitsa ndi mizere yokwera, kenaka kuwonjezera otsala pamwamba. Njirayi imanama mulu ukakhala ndi dzenje pakati kapena mizere ikasanjidwa mosiyana, wina wa mabelo 10, wina wa 9. Kwerani pamwamba muone, ndipo mulu wokayikitsa uphwasuleni. Mulu uliwonse wowerengedwa ulembedwe ndi choko kuti usabwerezedwe. Kuno kutentha kumakhala ndi gawo lake: mu Okutobala ndi Novembala, pansi pa malata dzuwa likangokwera, munthu amayamba kuwerenga mongofuna kumaliza. Kuwerenga kuyambe mbandakucha.

M'chitsanzo chathu, kuwerenganso kwatulutsa zinthu ziwiri. Mabelo 6 apezeka kuseri kwa matumba a ufa, kumene anawaika tsiku lina malo atachepa. Koma pa mulu waukulu papezekanso mabelo 3 a wamalonda wina wa kutsidya kwa Shire, amene analipira Lachisanu n'kunena kuti adzatenga akapeza galimoto. Kompyuta inawachotsa kale pomwe lisiti linatuluka, choncho si anunso, ndipo sayenera kuwerengedwa. Tsono 371 kuwonjezera 6 kuchotsa 3, mabelo anu ndi 374. Shoti yafika pa 38.

Onani kuti cholakwika chachiwirichi chinkabisa shoti, osati kuikulitsa. N'chifukwa chake ngakhale katundu amene wagwirizana ndendende mungamukayikire ngati katundu wolipiridwa kale amagona pamodzi ndi wanu. Mupatseni ngodya yake ndi chikwangwani.

Mangani nambala ya kompyuta kuchokera pansi

Tsopano funsani kuti 412 yachokera kuti. Bwererani pa tsiku lomaliza pamene kuwerenga ndi kompyuta zinagwirizana, ndipo tulutsani mbiri ya khodi ya shugayu, nambala imene kompyuta imamudziwira, kuchokera tsiku limenelo. Mapulogalamu ambiri amaitchula `Stock Movement` kapena `Item Ledger`. Masamu ake ndi awa: zoyambira, kuwonjezera zolandiridwa, kuchotsa zogulitsidwa, kuchotsa zosamutsidwa ndi zowonongeka.

Pano mwezi unayamba ndi mabelo 260. Analandira kawiri, 300 ulendo uliwonse, pamodzi 600. Anagulitsa 398, n'kutumiza 50 ku Bangula. Zowonongeka palibe chimene chinalembedwa. 260 ndi 600 ndi 860, kuchotsa 398 kutsala 462, kuchotsa 50 kutsala 412. Masamu a kompyuta ali bwino, monga amakhalira pafupifupi nthawi zonse. Funso ndi lakuti zimene inauzidwa ndi zimene zinachitikadi kapena ayi. Ndipo mzere wa zowonongeka wopanda kanthu mwezi wathunthu, pa katundu wa mapaketi amene amabooka akangokhudza msomali wa paleti, ndi wokayikitsa kale.

Musanatsegule mafayilo, iyang'aneni nambala ya shotiyo, chifukwa nthawi zina imanena yokha komwe yachokera. Ikafanana ndendende ndi katundu wa ulendo umodzi, monga 300, ndiye kuti GRN inalowetsedwa kawiri. Ikakhala kawiri ka nambala ya pepala lina, wina analowetsa katundu wotuluka ngati wolowa. Ikagawika ndi 9 popanda chotsala, funani manambala otembenuzidwa: 54 m'malo mwa 45, kapena 72 m'malo mwa 27. Ikagawika ndi 19 pa katundu wa mabelo a 20, pali pamene belo lathunthu linatuluka koma kompyuta inachotsa paketi imodzi. Yathu ya 38 imagawika ndi 19, koma pano ndi mwangozi chabe, chifukwa tikuwerenga mabelo osati mapaketi. Zizindikirozi zimangokuuzani koyambira, umboni ndi pepala.

Masiku a kumalire ndi buku la pamanja

Yambani ndi masiku atatu omaliza musanawerenge, chifukwa zolakwika zambiri zimakhala pamenepo. Magetsi akazima kapena netiweki ikavuta, ogulitsa amalemba m'buku la malisiti a pamanja kuti adzalowetse pambuyo pake, ndipo pambuyo pakepo nthawi zina sipafika. Tengani bukulo, tsamba ndi tsamba, muone ngati lililonse lili ndi nambala ya lisiti la mu kompyuta lolembedwa pamwamba pake. Tsamba lopanda nambala ndilo losalowetsedwa. Onaninso ngati manambala a masamba akutsatizana. Tsamba lothothoka lifunsidwe.

Loweruka masana magetsi anazima, ndipo m'bukumo muli masamba anayi osalowetsedwa, a mabelo 12 pamodzi. Pali njira yotsimikizira kuti ndi malonda enieni osati malisiti olembedwa dzulo usiku pofuna kubisa shoti: ndalama. Ngati mabelo 12 anagulitsidwadi, ndalama za Loweruka, za m'manja pamodzi ndi za Airtel Money ndi Mpamba, zipyola zimene kompyuta ikunena ndi mtengo wa mabelo 12 amenewo. Zapyoladi. Kompyuta iyenera kunena 400, shoti yatsika pa 26.

Ndalamazo zikanapanda kupyola, nkhani ikanasintha. Sikanakhalanso shoti ya weyahausi koma ya pa kauntala.

Polandira katundu: invoisi si umboni woti katundu anafika

Apa ndi pofunika kukhalitsa, chifukwa shoti zazikulu zimakonda kubadwira pano ndipo zimagwera munthu wosalakwa. Pa katundu aliyense wolandiridwa ikani mapepala atatu pa tebulo: invoisi ya wogulitsa, delivale noti imene inabwera ndi dalaivala, ndi GRN yanu. Invoisi imanena zimene wogulitsa akufuna kuti mulipire. Delivale noti imanena zimene akuti anapakira. Zimene zinatsikadi m'galimoto zimadziwika ndi munthu amene anaimirira pa khomo n'kuwerenga, ndipo GRN iyenera kuchokera kwa iyeyo.

Ulendo woyamba, mapepala onse atatu akuti 300. Ulendo wachiwiri, invoisi ikuti 300, GRN ikuti 300, koma pa delivale noti wosunga sitoko anakhwatcha 300 n'kulemba 290 ndi bolopeni, dalaivala n'kusainira pambali. Bini khadi, khadi ya pa mulu yolembapo zolowa ndi zotuluka, nayo ikuti 290. Chinachitika n'chodziwikiratu: delivale noti inatsalira ku weyahausi, invoisi inapita ku ofesi, kalaliki n'kulowetsa za pa invoisi. Mabelo 10 amenewa sanabedwe kwanu, sanafike n'komwe. Kompyuta iyenera kunena 390, shoti yatsala 16.

Cholakwika ichi chili ndi ndalama kumbuyo kwake. Mukanangosintha nambala mu kompyuta, bwenzi mutalipira wogulitsa K500,000 ya katundu amene simunalandire, n'kuilembanso ngati yotayika. Chofunika ndi kukonza GRN ndi kupempha wogulitsa pepala lochotsera ngongoleyo, limene amalitcha kirediti noti, delivale noti yosainidwa ija ndiyo umboni wanu. Wosunga sitoko akanasaina 300 osawerenga, pofuna kuti galimoto ibwerere msanga, sipakanakhala pogwira.

Bini khadi yatchulidwayi ndi chida chachikulu polondola, ngati imalembedwa pa nthawi imene katundu akulowa kapena kutuluka. Ikani zotsala za tsiku ndi tsiku za pa khadi pambali pa za mu kompyuta. Musayambe pa 1 n'kumatsika. Onani pa 15 kaye: ngati zikugwirizana, vuto lili kumapeto kwa mwezi, ngati ayi lili kumayambiriro. Gawaninso pakati mbali imene yavutayo. Mukachita zimenezi kanayi kapena kasanu mufika pa tsiku limene manambala anasiyana, ndipo mapepala oti muwafufuze amakhala a tsiku limodzi lokha. Koma khadi imene imalembedwa madzulo pokopera za mu kompyuta ilibe ntchito, chifukwa imangobwereza zolakwika zomwezo.

Zopita ku nthambi

Katundu wosamutsidwa amafuna mbali ziwiri: wotumiza ndi wolandira. N'chifukwa chake nthambi zonse ziyenera kuwerenga tsiku limodzi. Imbani ku Bangula mufunse kuti shuga wawo watuluka bwanji. Ayankha kuti wapyola ndi mabelo 5. Pepala losamutsira likuti 50, koma buku la mlonda pa geti ya Nchalo likuti anatuluka 55, ndipo bini khadi ya ku Bangula ikuti analowa 55. Manijala wa nthambi anaimba galimoto ikupakira n'kupempha kuti awonjezere 5, pepala linali litalembedwa kale. Kompyuta ya Nchalo ikhale 385, shoti 11, ndipo ya Bangula ikwere ndi 5.

Geti ikanati 55 koma Bangula 50, mabelo 5 akanakhala kuti anatsikira panjira, pa Ngabu kapena pa Sorgin, ndipo funso likanapita kwa dalaivala. Samalaninso ndi katundu amene ali pa msewu pa tsiku lowerenga. Nthawi ya mvula galimoto itha kugona panjira madzi akadula msewu, katunduyo n'kukhala kuti wachoka m'buku la Nchalo koma sanalowe m'buku la Bangula. Ameneyo alembedwe payekha.

Yang'anani abale ake a katunduyo

Shoti ya khodi imodzi isaweruzidwe payokha. Sanjani lipoti la kusiyana kuti katundu wofanana akhale moyandikana: shuga yense pamodzi, mafuta ophikira a malita osiyanasiyana pamodzi, sopo pamodzi. Pa lipoti lathu shuga woyera wapyola ndi mabelo 4. Ogulitsa anadina khodi ya woyera, wonyamula n'kupereka wabulauni. Katundu wina akashota ndipo m'bale wake akapyola ndi nambala yomweyo, ndi khodi zosinthana. Tsimikizani ndi mapepala a pa geti kapena kasitomala wake, ndipo musaiwale kusiyana kwa mitengo, chifukwa wina anapindula kapena kuluza. Kompyuta 381, shoti 7.

Khodi ya mapaketi ogulitsa limodzilimodzi nayo yapyola ndi mapaketi 40. Awa ndi mabelo 2 amene anatsegulidwa n'kuikidwa pa shelefu popanda kuuza kompyuta kuti mabelo asanduka mapaketi. Chizindikiro china cha vuto lomweli ndi khodi ya mapaketi imene ikuonetsa nambala ya pansi pa ziro. Kompyuta 379, shoti 5.

Zowonongeka zija nazo zapezeka. M'kope la wosunga sitoko muli mabelo 2 amene ananyowa denga litadontha, manijala anasainira, koma pepala silinafike ku ofesi. Muwaone ndi maso mabelowo, kapena umboni wa momwe anatayidwira. Belo lowonongeka limene likungokhala pakona lingathe kuonetsedwa mwezi uno ndi mwezi wamawa kuti libise shoti ziwiri, choncho lolembedwa kale lipakidwe penti kapena lichotsedwe. Kompyuta 377, pansi 374.

Za katundu wa pa sikelo

Amene mumagula chimanga, mapira kapena nandolo kwa alimi muli ndi gwero lina la shoti limene shuga alibe. Mbewu imapitiriza kuuma ili m'thumba, makamaka kuno kotentha. Thumba la makilogalamu 50 logulidwa chinyezi chili pa 15 peresenti, likauma kufika pa 12.5 peresenti limalemera pafupifupi makilogalamu 48.6. Masamu ake ndi `50 × (100 − 15) ÷ (100 − 12.5)`. Pa matumba 200 ndi makilogalamu oposa 280, pafupifupi matumba 6, popanda munthu kukhudza kanthu. Chosiyanitsa ndi ichi: kuuma kumachepetsa kulemera kwa matumba onse pafupifupi mofanana ndipo chiwerengero cha matumba sichisintha. Matumba ochepa okha akapepuka kwambiri, kapena msoko wa pakamwa ukaoneka wosokedwanso, si dzuwa limenelo. Pimani chinyezi pogula ndi powerenga, ndipo sikelo yogulira ndi yowerengera ziyesedwe ndi mwala umodzi wodziwika kulemera kwake.

Kukonza, ndi mabelo 3 otsalawo

Lembani pepala limodzi la chiyanjanitso. Pamwamba 412, pansi pake chochotsa chilichonse pa mzere wake, pamodzi ndi tsiku, nambala ya pepala la umboni ndi amene wapeza, mpaka kufika pa 377. Mbali inayo 371, kuwonjezera 6, kuchotsa 3, kufika pa 374. Pakati patsala 3.

Cholakwika chilichonse chikonzedwe ndi mtundu wa pepala limene linayenera kulembedwa poyamba. Mabelo 12 alowe ngati malonda, kuti ndalama ndi msonkho wa VAT zikhale m'malo mwake. Mabelo 10 akonzedwe pa GRN. Mabelo 5 alowe ngati kusamutsa, 4 akonzedwe pa malisiti ake, 2 asinthidwe kukhala mapaketi, 2 enawo alowe ngati zowonongeka. Mukawaphatikiza onse mu `Stock Adjustment` imodzi ya 38, sitoko ya Nchalo ioneka bwino, koma ndalama za pa kauntala zikhalabe zopyola, ngongole ya wogulitsa ikhalabe yokwera, ndipo Bangula ikhalabe ndi mabelo 5 opanda mwini, amene satenga nthawi kupeza mwini.

Mabelo 3 okha, K150,000, ndiwo alowe ngati kusintha kwa sitoko, atavomereza munthu amene sasunga katundu ndiponso salowetsa manambala. Wowerenga, wolowetsa ndi wovomereza asakhale munthu mmodzi, ngakhale shopu ikhale yaing'ono bwanji. Chifukwa chake chilembedwe moona: sichinadziwike. Musalembe kuti zowonongeka pofuna kuti pepala lioneke bwino.

Kodi mabelo 3 pa mabelo 850 amene anadutsa m'weyahausi ndi kuba? Mwezi umodzi sungayankhe. Kulakwitsa kwa anthu kumapita uku ndi uku, mwezi uno kushota, mwezi wamawa kupyola, pa katundu wosiyanasiyana. Kuba kumayenda mbali imodzi, pa katundu wosavuta kugulitsa monga shuga, mafuta ndi sopo, ndipo kumakonda mabelo ndi makatoni athunthu. Kuti mudziwe, musadikire kutha kwa mwezi. Werengani shuga ameneyu m'mawa uliwonse musanatsegule, kwa milungu iwiri, n'kumayerekeza ndi kompyuta tsiku lomwelo. Ndi ntchito ya mphindi zochepa. Tsiku limene belo lasowa, muyang'ane amene anali ndi makiyi dzulo lake, magalimoto amene anapakira, ndi zimene mlonda analemba pa geti, ndipo muyerekeze pepala lililonse la pa geti ndi lisiti lake tsikulo lisanathe.